Tsiku Losiya Choko: Kodi Aphunzitsi Athu Tiwauze Chiyani?

Wogwira ntchito m'boma kuno ku Malawi amapuma akakwanitsa zaka 60. Tsiku lobadwa la munthu silitsata kalendala ya sukulu, ndiye tsiku lomaliza la mphunzitsi limatha kugwa pakati penipeni pa teremu, Lachitatu wamba, ana akuphunzira monga mwa masiku onse. Aphunzitsi aja amaitana mayina mu rejisitala, amaphunzitsa, amachonga makope, amafufuta bolodi, kenako amakasiya makiyi a kabati ndi mabuku a sikimu ku ofesi ya ahedi. Ngati palibe amene wakonza kanthu, ntchito ya zaka 30 imathera pomwepo, ndipo mawa lake m'kalasi muja mumalowa munthu wina.

N'chifukwa chake zimandisangalatsa kuona ana a sukulu akale, ena a imvi kale, akusonkhana kuti akatsanzike aphunzitsi awo pa tsikuli. Amasonkha ndalama, amagula mphatso, amasankha mmodzi woti alembe mawu othokoza. Koma mawu amenewa ndi amene nthawi zambiri amapunduka. Wolemba amakhala ndi mtima wabwino, koma zimene amalemba n'zoti ungathe kuwerengera mphunzitsi wina aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa osasintha kanthu, kupatula dzina. Mphunzitsi amene anakudziwani ndi dzina pakati pa ana 100 ayenera kumva mawu osonyeza kuti nanunso munamudziwa iyeyo.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze mayi wina wobadwa mu 1965, amene wapuma mu 2025 ataphunzitsa sitandade 1 pafupifupi moyo wake wonse wa ntchito. Ndasankha wa sitandade 1 dala. Tikamakumbukira aphunzitsi, ambiri timathamangira a sitandade 8 amene anatikhozetsa mayeso n'kutitumiza ku sekondale, kapena a masamu a fomu 4. Amene anatigwira dzanja polemba a, e, i, o, u, n'kutiphunzitsa kulumikiza ba, be, bi, bo, bu mpaka mawu atatuluka, timawaiwala, chifukwa tinali aang'ono kwambiri moti sitikumbukira kuti panali nthawi imene sitinkadziwa kuwerenga.

Mayi ameneyu tinene kuti analowa ntchito mu 1994. Chaka chimenecho boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Aphunzitsi sanakwane. Boma linalemba atsopano pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo osadutsa ku koleji ya uphunzitsi, n'kuwaphunzitsa kwa masabata ochepa chabe asanawapatse kalasi. Satifiketi anadzaipeza pambuyo kudzera mu ndondomeko ya MIITEP, imene inkawatengera ku koleji miyezi ingapo, nthawi yotsalayo n'kumaphunzira ali pa ntchito. Makalasi sanakwanenso, ndiye ana ambiri a zaka zimenezo anayambira sukulu pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu, mvula ikabwera sukulu n'kuweruka.

Wolemba mawu othokoza ayenera kuidziwa mbiri imeneyi, chifukwa ndi imene imamasulira zinthu zimene ankaziona ali mwana osazimvetsa. Aphunzitsi ankakuuzani kuti mubwere ndi timitengo khumi tomanga ndi mphira, kapena zitsekerero za mabotolo, chifukwa panalibe china chowerengetsera. Ankakulembetsani pa dothi ndi chala chifukwa makope sankakwana. Mawu awo ankasasa pofika Lachisanu chifukwa kalasi imene boma limafuna kuti ikhale ya ana 60 inkakhala ndi ana opitirira 100. Tikawerengera ana 100 pa chaka kwa zaka 31, tikupeza ana 3,100 amene anadutsa m'manja mwa munthu mmodzi. Oyamba aja, amene anali ndi zaka 6 mu 1994, mu 2025 anali ndi zaka 37, ndipo ena mwa iwo ana awo adutsanso m'kalasi yomweyo.

Tsono taonani mawu amene timakonda kumva pa mwambo wotere. Woyankhula amaimirira n'kunena kuti: "Amayi athu munali kholo lathu, munali nyali yathu, munali olimbikira ntchito, odzichepetsa ndi okonda ana. Popanda inu sitikanafika pamene tili. Mulungu akudalitseni pamene mukukapuma." Palibe bodza m'mawu amenewa, ndipo anthu amaomba m'manja. Koma mwini wake sapezamo chogwira. Sakudziwa ngati woyankhulayo akuwakumbukiradi kapena wangobwera chifukwa anzake anamukoka.

Yerekezani ndi mawu awa, ochokera kwa mwana wa kalasi yomweyo: "Amayi, ine ndine uja ndinkalemba ndi dzanja lamanzere, ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi muzu wa mtengo. Kunyumba ankandimenya dzanjalo kuti ndisinthe. Inu munabwera kwathu Loweruka lina, munakhala pa mphasa ndi agogo, n'kuwauza kuti andisiye. Chaka chimenecho ndinalephera ndipo munandibwerezetsa kalasi. Ndinakukwiyirani, masiku angapo sindinabwere. Munatuma anyamata awiri a sitandade 5 kudzanditenga ku dambo kumene ndinkaweta mbuzi. Chaka chachiwiricho ndi chimene ndinadziwa kuwerenga. Lero ndimasoka zovala pa msika, ndipo miyezo ya makasitomala anga ndimalemba ndi dzanja lomwe lija." Mawu awa ndi aatali kuposa oyamba aja, koma aphunzitsi akawamva amamuona mwanayo, amaukumbukira mtengo uja, mwina amawakumbukiranso agogo aja. Muli malo, muli chochitika, muli chimene aphunzitsi anachita ndi manja awo, komanso muli chimene chinatsatira.

Njira yopezera nkhani zotere si yovuta, koma imafuna nthawi. Amene wapatsidwa udindo wolemba asakhale pansi yekha usiku woti mawa ndi mwambo. Mwezi umodzi tsikulo lisanafike afunse anzake funso limodzi lokha: ndi tsiku liti limene umawakumbukira aphunzitsiwa, ndipo anachita chiyani? Asafunse kuti anali munthu wotani, chifukwa yankho lake lidzakhala "abwino kwambiri" basi. Afunse anthu a zaka zosiyana. A m'ma 1994 adzakamba za pansi pa mtengo. A mu 2002 adzakamba za njala, ana akugona m'kalasi kapena kusiyiratu sukulu, ndi zimene aphunzitsi ankachita kuti ena asathawe. Aang'ono adzakamba za 2020, pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha mliri wa korona, n'kudzatsegulidwa patapita miyezi, ana ena ataiwala ngakhale zilembo zimene ankazidziwa. Pa nkhani 20 zimene angatole, asankhe zitatu kapena zinayi zowerenga pa gulu. Zotsalazo zilembedwe m'kope labwino, aliyense ndi dzanja lake, dzina lake ndi chaka chimene anali m'kalasimo, n'kulipereka kwa mwini wake. Mawu olankhula pa bwalo mphepo imawatenga, makamaka chimkuzamawu chikamadukaduka, pamene kopelo aphunzitsi adzalitsegula ali okha kumudzi, chaka ndi chaka.

Pali msampha wina umene ambiri amagweramo osadziwa. Mawu othokoza amasanduka mndandanda wa anthu otchuka: "Mwatulutsa madokotala, maloya, aphungu, ndi ena amene ali kunja." Zoona, aphunzitsi amanyadira ana otere. Koma mwa ana 3,100 aja, ofika ku yunivesite ndi ochepa kwambiri. Ambiri sanafike n'komwe sitandade 8, ndipo mwa amene anakhoza mayeso a MANEB si onse anapeza malo ku sekondale. Ambiriwo lero ndi alimi, a kabaza, ogulitsa pa msika, amayi apakhomo. Ukamayeza ntchito ya mphunzitsi ndi madokotala okha, ukumuuza mosadziwa kuti ana ena onsewo inali ntchito yotayika, komanso ukuchititsa manyazi anthu amene akhala pansi pa bwalo lomwelo akumvetsera. Ntchito ya mphunzitsi wa sitandade 1 imaoneka mwa mayi amene amatha kuwerenga tsiku lobwereranso ku sikelo m'buku la kuchipatala la mwana wake, mwa mlimi amene amawerenga malangizo a pa botolo la mankhwala a mbewu, ndi mwa agogo amene amatsegula okha buku la nyimbo ku tchalitchi. Mmodzi wa anthu amenewa apatsidwe mpata woyankhula, ndipo ayankhule m'chinenero chimene amalankhula kunyumba. Mwambo usachitike m'Chingerezi pofuna kusangalatsa alendo a m'tauni pamene theka la anthu silikumva.

Nanga za ndodo? Funsoli limavutitsa magulu ambiri. Aphunzitsi ambiri amene akupuma zaka zino anayamba ntchito nthawi imene kukwapula mwana kunali chinthu wamba, makolo n'kumavomereza. Lero malamulo a sukulu amaletsa. Pa mwambo pamakhala wina amene amaimirira n'kuyamikira ndodoyo kuti ndi imene inamupanga munthu, anthu n'kuseka. Ine sindigwirizana nazo. Pa gulu lomwelo pamakhala wina amene ndodo yomweyo inamuthawitsa sukulu, ndipo pamakhala ana a lero ndi aphunzitsi achinyamata amene akumva ngati kuti tikuwalimbikitsa kubwerera komweko. Sikuti tiname kuti aphunzitsi athu anali angelo. Tinganene kuti anali okhwima, kuti wochedwa ankadziwa chimene chikumudikira pa geti, ndipo aliyense amva. Koma chothokoza chikhale chimene anatipatsa, osati mikwingwirima. Ndipo amene ali ndi chilonda chenicheni mumtima, tsiku limeneli si lobwezera. Angathe kukhala chete, kapena kukawaona aphunzitsiwo paokha tsiku lina.

Chimodzimodzinso ndi zinsinsi. Aphunzitsi abwino amadziwa zambiri za m'mabanja: mwana amene anamugulira yunifomu mwakachetechete, mtsikana amene anamubweza ku sukulu atabereka, mnyamata amene ankamupatsa chakudya chifukwa kwawo kunali matenda. Nkhani zimenezi n'zimene zimakhudza mtima kwambiri, koma mwini wake ndi amene ali ndi ufulu wozinena. Wolemba asatchule dzina la mnzake pa gulu asanamupemphe, ndipo akakana, nkhaniyo ikambidwe mosatchula munthu kapena isiyidwe.

Pa tsikulo palinso vuto la ndondomeko. Mwambo wa pa sukulu uli ndi mwambo wake: pemphero, ahedi, wapampando wa komiti ya sukulu, a bungwe la makolo ndi aphunzitsi, nyakwawa ndi agulupu, mlangizi wa maphunziro wa zoni, kenako mlendo wolemekezeka. Aliyense amayamba ndi kulonjera onse amene alipo mmodzimmodzi. Podzafika pa ana a sukulu akale dzuwa limakhala litapendeka, ana aang'ono atabalalika ndi njala, ndipo mwini mwambo amangopatsidwa mphindi ziwiri. Ulemu kwa mafumu ndi akuluakulu sungachotsedwe, ndipo suyenera kutero. Chimene okonza angachite n'kukambirana ndi ahedi pasadakhale kuti mawu a ana akale abwere koyambirira, anthu asanatope, ndipo aphunzitsi opumawo asiyiridwe nthawi yokwanira yoyankha. Ambiri amakhala ndi zoti anene zimene azisunga zaka zambiri. Ngati ndi tsiku la sukulu, mwambo uyambe ana ataweruka kapena nthawi imene ahedi avomereza, chifukwa mphunzitsi amene wakhala zaka 31 akulimbana ndi kujomba sangakondwe kuti maphunziro aime tsiku lonse chifukwa cha iye. Ndipo powaitana, aitaneni mmene munkawaitanira kale. Ngakhale mutakhala bwana wa kampani, pamaso pawo ndinu mwana, ndipo "Amayi" kapena "Aphunzitsi" ndi dzina limene adzakondwe kulimva.

Tsopano tifike pa chimene ana akale ambiri sachidziwa, chimene mawu okoma amachiphimba: zimene zimachitika mawa lake. Tikamati "mukapume bwino" timaganiza za munthu wokhala pa khonde akumvera wailesi. Zoona zake n'zakuti malipiro a pa mwezi amaima, ndipo ndalama za penshoni, makamaka zija zolandira kamodzi popuma, sizibwera tsiku lomwelo. Mapepala amayenda kuchokera ku ofesi ya maphunziro ya pa boma kupita kulikulu ku Lilongwe, n'kudutsa m'maofesi angapo owunika. Kuchedwa kwa ndalama zimenezi ndi dandaulo lakale, ndipo bungwe la aphunzitsi la TUM lakhala likulinena kawirikawiri. Ena amadikira miyezi, ena zaka. Chimene chimachedwetsa nthawi zina ndi mapepala osowa mu failo, monga kalata yolembedwera ntchito, kalata yotsimikizidwa pa ntchito kapena yokwezedwa, ndiponso tsiku lobadwa likasiyana pakati pa failo ya ku ntchito ndi chiphaso cha unzika. Kwa munthu amene analowa ntchito mu chipwirikiti cha 1994 n'kusamutsidwa kangapo, kusowa kwa pepala limodzi si chodabwitsa.

Kenako pali nyumba. Ngati aphunzitsi ankakhala m'nyumba ya sukulu, ayenera kutulukamo kuti mulowe wina. Amene anamanga kumudzi amasamuka ndi mtima pansi. Amene malipiro awo onse anathera pa fizi ya ana awo ndi ana a abale amapezeka ali ndi nyumba yofika pa mawindo, yopanda denga, akudikira penshoni kuti amalize.

Apa ndi pamene mphatso iyenera kuganiziridwa bwino. Tinene kuti ana akale 40 asonkha K15,000 aliyense, zonse pamodzi K600,000. Ndaonapo ndalama zotere zikuthera pa matisheti osindikiza nkhope ya aphunzitsi, keke, zakumwa za alendo ndi kubwereka mahema, mwini wake n'kupita kunyumba ndi wotchi ya pa khoma ndi chitenje. Zinthuzo si zoipa, koma phwandolo amadya ndi ana akalewo. Ndikanakonda gawo lalikulu, tinene K450,000, lipite pa chinthu chimene aphunzitsiwo akuchisowadi, ndipo K150,000 yotsalayo ikwanire chakudya chosavuta ndi kope lija. Chimene akuchisowacho musachiganizire nokha muli m'tauni. Tumani anthu awiri akafunse mwaulemu kwa amuna awo, akazi awo kapena mwana wawo wamkulu, chifukwa mphunzitsi mwini wake adzangoti "chilichonse, ana anga". Yankho likhoza kukhala malata, matumba a simenti, feteleza wa chaka choyamba, galimoto yosamutsa katundu, kapena magalasi a maso. Msungichuma asakhale mmodzi, ndipo aliyense amene wasonkha auzidwe zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Magulu ambiri a ana akale amatha chifukwa cha ndalama ya mwambo woyamba. Amene alibe ndalama asatsekeredwe kunja: wina abwera ndi nkhuku, wina ndi lichero la mtedza, wina adzakhoma denga lija ndi manja ake.

Thandizo lina silifuna ndalama n'komwe. Pakati pa ana akale pamakhala wina wogwira ntchito m'boma amene amadziwa mmene mafailo amayendera, kapena wokhala ku Lilongwe amene angathe kukafunsa pamene failo yafika, m'malo moti mayi wa zaka 60 azikwera minibasi ulendo ndi ulendo ndi ndalama yokongola. Sindikunena za ziphuphu kapena kudumphitsa mzere. Ndikunena za kuthandiza kusonkhanitsa mapepala chaka chopuma chisanafike, kujambulitsa makope ake, ndi kutsatira mwaulemu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Aphunzitsi anachita mbali yoyamba ya mwambiwu kwa zaka zambiri, ndipo mbali yachiwiriyo ili m'manja mwa ana aja.

Chenjezo lake n'lakuti pa bwalo musalonjeze zimene simunagwirizane. Mtima ukatentha, anthu akuomba m'manja, woyankhula amatha kunena kuti "tikumangirani nyumba" kapena "mwezi uliwonse tizikutumizirani kangachepe". Aphunzitsi amakhulupirira, amauza abale, amasintha mapulani awo. Miyezi itatu ikadutsa gulu lazizira, ndipo amene analonjeza uja amayamba kuzemba foni yawo chifukwa cha manyazi. Mapeto ake aphunzitsi amataya thandizolo pamodzi ndi mwana amene akanamabwera kudzawaona. Ndi bwino kunena chochepa chimene chili kale m'manja, chinacho chidzabwere mosayembekezera.

Mwina mukuwerenga izi aphunzitsi anu atapuma kale, opanda mwambo, opanda woyankhula. Sikunade. Sukulu imene ankaphunzitsa imadziwa kumene anapita, ndipo ngati ahedi ndi atsopano, a komiti kapena a mfumu adzakulozerani. Pitani awiri kapena atatu, osadikira kuti gulu likwane 40. Mukafika musawayese kuti "mwandizindikira kodi?", chifukwa maso afooka ndipo inu munali ndi zaka 6. Nenani dzina lanu, dzina la makolo anu, chaka chimene munali m'kalasi mwawo ndi pamene munkakhala, kenako muwauze chinthu chimodzi chimene anakuchitirani. Pa 5 Okutobala chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira aphunzitsi pa dziko lonse, ndipo ngati mukusowa poyambira, yambirani pamenepo. Koma ngati aphunzitsi anu akupuma chaka chino, funsani ahedi tsiku lenileni sabata ino, chifukwa kutolera nkhani za anzanu ndi kusonkha ndalama kumafuna mwezi wathunthu.